Kirediti noti ikasanduka ngongole: vuto la manambala a mainasi pa mapepala osikanidwa

Mwezi ukamatha, sitetimenti ya kampani imene mumaodako katundu imafika, mumaiyerekeza ndi zimene zili m'mabuku mwanu, ndiye mumapeza kuti sizikugwirizana. Iwo akuti muli ndi ngongole ya K1,188,300. Kompyuta yanu ikuti K1,607,700. Mapepala onse alipo, palibe lasowa, palibe lalowa kawiri. Musanayambe kuvundukula mafayilo, tengani kusiyanako mukugawe pawiri. Apa kusiyana ndi K419,400, theka lake ndi K209,700. Fufuzani pepala la ndalama zimenezo. Nthawi zambiri mudzapeza kuti ndi kirediti noti, pepala la ogulitsa lochepetsa ngongole yanu, imene inalowa m'mabuku ngati invoisi.

Chifukwa chogawira pawiri n'chosavuta. Pepala likaiwalika osalowetsedwa, mabuku amaphonya ndi ndalama za pepalalo basi. Koma pepala loyenera kuchotsa ngongole likalowa moonjezera, mwalephera kuchotsa kamodzi, mwaonjezeranso kamodzi, choncho kuphonyako kumakhala kuwirikiza. Pa ntchito yanga yolemba mabuku a ndalama, iyi ndi njira imene imandipezera cholakwa chotere msanga kuposa ina iliyonse.

Nkhani ya manambala amenewa ndi iyi. Sitolo ina ya zipangizo zomangira inaoda zitini 40 za penti mu 2024, chitini chimodzi K30,000. Katundu yense anali wa K1,200,000, msonkho wa VAT pa 16.5 peresenti unali K198,000, invoisi yonse K1,398,000. Potsitsa katundu, zitini 6 zinapezeka zophwanyika, zikudontha, ndipo zinabwerera pa galimoto yomweyo. Patapita masiku ogulitsa anatumiza kirediti noti: zitini 6 ndi K180,000, VAT yake K29,700, zonse K209,700. Pepalalo linadutsa pa sikana, pulogalamu yowerenga zilembo za pa chithunzi, imene ambiri amaitchula kuti OCR, inatolera manambala, ndipo K209,700 inakakhala pa akaunti ya ogulitsawo ngati katundu wina watsopano.

Mainasi salembedwa mwa njira imodzi

Gwero loyamba la vutoli ndi lakuti kampani iliyonse ili ndi kalembedwe kake. Ndalama zomwezo mukhoza kuziona m'maonekedwe awa:

```
-209,700.00
209,700.00-
(209,700.00)
209,700.00 CR
209,700.00
```

Woyamba ndi umene tinazolowera kusukulu. Wachiwiri, wa kamzere kumapeto, umatuluka kawirikawiri m'mapulogalamu a makampani akuluakulu monga SAP. Wachitatu ndi wa akatswiri owerengera ndalama: mabulaketi amatanthauza kuchotsa. Wachinayi ulibe kamzere konse, zilembo ziwirizo, zoimira `Credit`, ndizo zikunena zonse. Wachisanu ndiye umagwetsa anthu ambiri, chifukwa nambala yake ilibe chizindikiro chilichonse. Mwina inali yofiira pa pepala lenileni, sikana n'kuisandutsa yakuda. Mwinanso ogulitsawo salemba mainasi pa kirediti noti zawo, amangodalira mutu wa pepala umene uli pamwamba kuti `CREDIT NOTE`. Onse asanu ndi olondola kwa amene analemba, ndipo ngakhale mutawapempha sangasinthe pulogalamu yawo chifukwa cha sitolo imodzi.

Tsono ganizirani kukula kwa kamzere ka mainasi. Ndi kachidontho kotalika pang'ono, kocheperapo kuposa zilembo zonse za papepala. Masikana ambiri ali ndi kasinthidwe koyeretsa chithunzi, kochotsa timadontho ta fumbi ndi mizere ya matebulo, ndipo kamzere ka mainasi kamaoneka ngati zonse ziwiri. Kakayandikana ndi mzere wa bokosi kamamezedwa ndi mzerewo. Kakagwera popindika pepala, pa bowo la fayilo, kapena pansi pa chidindo cha kolandirira katundu, ndiye kapita. Mabulaketi nawo ali ndi tsoka lawo: lotsegulira limawerengedwa ngati 1, ndiye `(209,700.00)` imasanduka `1209,700.00`, ndalama zoposa miliyoni zimene palibe anagula. Zilembo `CR` zikatalikirana ndi nambala, pulogalamu imaziona ngati mawu ena apadera n'kuzisiya.

Zimenezi zimachepa ndithu mukakonza kajambulidwe. Ikani sikana pa 300 dpi, ndipo musankhe `Grayscale` kapena `Color`, osati `Black & White`, chifukwa kasinthidwe ka zakuda ndi zoyera zokha kamataya inki yofooka yonse. Izi n'zofunika kwambiri pa makope a kaboni ndi pa timapepala ta risiti totuluka m'makina a pa kauntala, timene timafufuta tikakhala padzuwa kapena m'thumba masabata ochepa. Dindani chidindo kutali ndi manambala, makamaka pepala litajambulidwa kale. Pepala likamabwera pa WhatsApp, apempheni alitumize ngati `Document`, chifukwa likabwera ngati chithunzi wamba limafinyidwa ndipo tizilembo ting'onoting'ono timasungunuka. Choposa zonse ndi kupempha PDF yochokera m'kompyuta mwawo mwachindunji, yosadutsa pa pepala.

Koma musakhulupirire kuti sikana yabwino yathetsa nkhani. Pepala la mtundu wachisanu lija mukhoza kulijambula mwaukhondo motani, mainasi simuipeza, poti kulibe.

Funsani pepala, osati kamzere

Lamulo limene ndimaphunzitsa aliyense wobwera kudzalowetsa mapepala ndi ili: yambani mwadziwa kuti pepalali ndi la chiyani, nambala muione pambuyo. Funso ndi limodzi, kodi pepalali likuonjezera ngongole yathu kwa ogulitsa kapena likuichepetsa? Yankho lili pa mutu wa pepala, pa nambala yake (makampani ambiri amayamba ndi `CN` kapena `CRN`), pa mawu ofotokoza chifukwa monga katundu wobwezedwa kapena mtengo wokonzedwa, komanso pa kutchulidwa kwa invoisi yakale imene likukonza. Zizindikiro zimenezi n'zazikulu, sizisowa pa sikana ngati kamzere. Pa kirediti noti ya penti ija zonse zinalipo. Chimene chinasowa ndi munthu woti ayang'ane pamwamba pa pepala asanavomereze zimene kompyuta inatola.

Mukadziwa mtundu wa pepala, pamabwera msampha wachiwiri, umene umagwira anthu osamala kwambiri. Mapulogalamu ambiri a mabuku ali ndi khomo lapadera lolowetsera kirediti noti. Mu QuickBooks limatchedwa `Vendor credit` kapena `Supplier credit`, mu Xero ndi `Credit note`. Khomo limeneli limadziwa kale kuti ntchito yake ndi kuchotsa, choncho limafuna nambala yopanda mainasi. Munthu amene waona `-209,700.00` pa pepala n'kuikopera mokhulupirika momwemo waika mainasi pa mainasi, ndipo mainasi pa mainasi ndi kuonjezera. Mapulogalamu ena amakana nambala yotero, ena amailandira mwakachetechete. Zotsatira zake n'zofanana ndendende ndi za kamzere kosowa: ngongole ya K1,607,700 yomwe ija.

Ndiye kuchotsa kukhale malo amodzi okha, mu mtundu wa pepala kapena mu nambala, osati monse muwiri. Ngati simukudziwa mmene pulogalamu yanu imachitira, yesani pa kampani yoyeserera kapena pa kope la mabuku anu: lowetsani kirediti noti ya K100 yopanda mainasi, muone ngati ngongole yatsika. Lembani zimene mwapeza pa kapepala, mumate pafupi ndi kompyuta kuti aliyense wolowetsa azichita chimodzimodzi. Chitaninso mayeso omwewo ngati mapepala anu amalowa onse pamodzi kudzera mu fayilo ya CSV, chifukwa khomo limenelo likhoza kukhala ndi lamulo losiyana ndi lolowetsa pamanja. Pali mapulogalamu amene pa CSV amazindikira kirediti noti chifukwa cha mainasi yomweyo.

Masamu a papepala ndi mboni yanu

Pepala lililonse la ogulitsa limadzichitira umboni lokha ngati muwerengera. Chiwerengero kuchulukitsa ndi mtengo chipereke ndalama za mzerewo. Mizere yonse ipereke chiwonkhetso chopanda msonkho. Chiwonkhetsocho kuphatikiza VAT chipereke ndalama zonse. Pa penti ija, 180,000 ndi 29,700 zikupereka 209,700. OCR ikasunga mainasi pa 180,000 koma n'kuitaya pa VAT, masamu apereka 150,300, nambala imene palibe papepala, ndipo pompo mwadziwa kuti chizindikiro chimodzi chagwa. Vuto lotere ndi loipa kuposa lija la pepala lonse kutembenuka, chifukwa silioneka msanga: ngongole imatsika ndithu, aliyense n'kuganiza kuti zayenda. Likapezeka pa sitetimenti, kusiyana kwake ndi K59,400, ndipo theka lake, K29,700, simulipeza pa ndandanda ya ziwonkhetso. Mukagawa pawiri osapeza pepala, yang'ananinso mu mzere wa VAT.

VAT ndiyo imachititsa kuti nkhaniyi isakhale ya inu ndi ogulitsa okha. Pa invoisi ija sitolo inali ndi K198,000 yoti ichotse pa msonkho wake. Kirediti noti itabwera, yoyenera inatsala K168,300. Pepala litalowa motembenuka, mabuku anaonetsa K227,700. Ripoti la VAT likapita ku MRA ndi nambala imeneyo, mwadzichotsera K59,400 imene si yanu, ngakhale simunafune kutero. Ripotilo limayenera kufika pofika pa 25 mwezi wotsatira, choncho kuyerekeza masitetimenti kuchitike tsikulo lisanafike, osati pambuyo. Kumbukiraninso kuti kirediti noti imabweza msonkho umene unalipitsidwa pa invoisi yoyamba. Ngati muyezo wa VAT unasintha pakati pa masiku awiriwo, musalole kompyuta iwerengere yokha ndi muyezo watsopano. Lowetsani umene uli papepala, mutauyerekeza ndi invoisi yakaleyo.

Si pepala lililonse lokhala ndi mainasi limene lili kirediti noti. Amene amaoda zakumwa amadziwa invoisi yokhala ndi mzere wochotsera makireti ndi mabotolo opanda kanthu amene abwezedwa. Tinene zakumwa ndi za K500,000, makireti obwezedwa `-60,000.00`, chiwonkhetso K440,000. Imeneyo ndi invoisi, ndipo mainasi ya mzere umodziwo iyenera kukhalabe momwemo. Ikatayika, mizere ipereka K560,000 pamene pansi palembedwa K440,000, kusiyana K120,000, kuwirikiza kwa 60,000 kuja. Apa lamulo lakuti musalembe mainasi siligwira ntchito, chifukwa khomo la invoisi limaonjezera, ndipo kuchotsa kulibe kwina kokhala koma mu nambala.

Ngati mumagwiritsa ntchito Excel

Masitolo ambiri amayamba atsanulira zimene OCR yatola mu Excel. Excel imamva `-209,700.00` ndi `(209,700.00)` ngati manambala ochotsa, koma `209,700.00 CR` ndi `209,700.00-` imazisunga ngati mawu wamba. Choopsa chake n'chakuti `SUM` imadumpha mawu osadandaula. Simuona chenjezo lililonse, kirediti noti imangokhala ngati kulibe. Apa kusiyana kumakhala kofanana ndi ndalama za pepalalo, osati kuwirikiza. Zizindikiro zake ndi ziwiri: nambala yotero imatsamira kumanzere kwa kabokosi pamene zinzake zili kumanja, ndipo `=ISNUMBER(C2)` imayankha `FALSE`. Kamzere ka kumapeto mukhoza kukakonza ndi `Text to Columns`, pansi pa `Advanced`, posankha `Trailing minus for negative numbers`.

Njira imene ndimaikhulupirira ndi yoika mzere wapadera wa mtundu wa pepala, umene munthu amadzaza atayang'ana chithunzi ndi maso, `INV` kapena `CN`. Kenako manambala akayeretsedwa, chizindikiro chimachokera mu mzere umenewo, osati kwa OCR. Tinene mtundu wa pepala uli mu `B2`, ndalama zili mu `C2`:

```
=IF(B2="CN",-1,1)*ABS(C2)
```

`ABS` imavula nambala chizindikiro chilichonse chimene inabwera nacho, kenako mtundu wa pepala umaiveka choyenera. Kaya mainasi inasowa, kaya inalipo, yankho ndi limodzi. Gwiritsani ntchito zimenezi pa ziwonkhetso za mapepala zokha. Mukaziika pa mizere ya mkati mwa invoisi, mzere wa makireti uja usanduka woonjezera. Ndipo invoisi imene chiwonkhetso chake chenicheni chili chochotsa, monga pamene makireti obwezedwa aposa zakumwa zoodedwa, ilembeni `CN` ngakhale mutu wake ukunena zina.

Ndalama zikabwezedwa

Kirediti noti ndi kubwezedwa kwa ndalama ndi zinthu ziwiri, ngakhale zimanyamula nambala imodzi. Kirediti noti ndi ogulitsa kuvomereza kuti ngongole yatsika. Kubweza ndi ndalama zenizeni kuyenda. Tiyerekeze kuti sitolo ija inali italipira kale K1,398,000 yonse kirediti noti isanafike. Ikalowa, akaunti ya ogulitsa imaonetsa `-209,700.00`, kutanthauza kuti tsopano iwo ndiwo ali ndi ngongole kwa inu. Mainasi imeneyo ndi yolondola, musaikonze. Imachoka mwa njira imodzi mwa ziwiri: mumaichotsa pa malipiro a invoisi yotsatira, kapena iwo amakutumizirani ndalamazo.

Akatumiza, K209,700 imaoneka pa sitetimenti ya banki, kapena kumabwera kapepala kawo kosonyeza kubweza, kawirikawiri kali ndi mainasi kachiwiri. Ndalama zimenezi zilowe ku banki kuchokera pa akaunti ya ogulitsawo, zilumikizidwe ndi kirediti noti ija, akaunti ibwerere pa ziro. Zisakhudze katundu, zisakhudze VAT, chifukwa zonsezo kirediti noti inamaliza kale. Cholakwa chofala ndi kulowetsa kapepala kobwezako ngati kirediti noti yachiwiri. Zikatero akaunti imaonetsa `-419,400.00`, katundu wachotsedwa kawiri, VAT yachotsedwa kawiri, ndipo mwezi wotsatira mumalipira mopereŵera, ogulitsa n'kuyamba kuimba foni. Cholakwa china ndi kuzilemba ngati ndalama za malonda, poti zalowa mu banki. Pamenepo phindu limakwera monama, ndipo mainasi ija imakhalabe pa akaunti, kudikira kuti wina adzaichotsenso pa malipiro.

Pali nthawi imene kirediti noti kulibe konse, monga mukalipira invoisi imodzi kawiri ogulitsa n'kubweza zoonjezerazo. Apo musapange kirediti noti nokha kuti mapepala akwane. Palibe katundu anabwerera, palibe msonkho wasintha. Lumikizani ndalama zobwerazo ndi malipiro owirikizawo basi.

Chenjerani ndi zilembo `DR` ndi `CR`, zoimira `Debit` ndi `Credit`, pa masitetimenti, chifukwa aliyense amalemba kuchokera kumbali yake. Pa sitetimenti ya ogulitsa, invoisi ili pansi pa `Debit`, kirediti noti ndi malipiro anu zili pansi pa `Credit`, ndipo akakubwezerani ndalama amazilemba pansi pa `Debit`. M'mabuku mwanu zonsezi zimatembenuka. Pa sitetimenti ya banki, `CR` ndi ndalama zolowa. Choncho K209,700 imodzi yomweyo ikhoza kuoneka `CR` pa kirediti noti, `DR` pa sitetimenti ya ogulitsa tsiku lobweza, ndi `CR` ku banki, zonse zili zolondola. Pulogalamu imene inaphunzitsidwa kuti `CR` ndi mainasi paliponse idzalakwitsa kumodzi mwa kumeneku. Sitetimenti ndi yoyerekezera, musaidyetse ku OCR ngati pepala lolowetsa m'mabuku.

Pepala likakanidwa kuti linalowa kale

Kirediti noti imanyamula manambala awiri ndi masiku awiri, ake ndi a invoisi imene ikukonza. OCR ikatola nambala ya invoisi yakale m'malo mwa ya kirediti noti, pulogalamu imati pepalali lilipo kale, wolowetsa n'kulitaya poganiza kuti ndi kope. Nthawi zonse mukaona chenjezo la pepala lobwerezedwa koma ndalama zikusiyana ndi za loyamba, tsegulani chithunzi musanafufute. Tsiku nalo lionetsetseni, chifukwa la invoisi yakale likhoza kukokera kirediti noti m'mwezi umene munatseka kale.

Kukonza chimene chalakwika

Mukapeza pepala lotembenuka, musalowetse kirediti noti ya K419,400 kuti ngongole ifanane. Nambala idzagwirizana, koma mudzakhala ndi zolemba ziwiri zopanda pepala kumbuyo kwake, ndipo wodzafufuza mabuku akadzafunsa, palibe adzakumbukire. Ngati mwezi sunatsekedwe ndipo invoisi yabodzayo sinalipiridwe, ithetseni, mulowetse kirediti noti moyenera ndi nambala yake yeniyeni, muilumikize ndi invoisi ya K1,398,000. Ngati mwezi unatsekedwa, musabwerere kukasintha zakale. Lembani chobweza cha K209,700 m'mwezi umene muli, chokhala ndi mawu ofotokoza kuti chikuthetsa cholowa cholakwika cha tsiku lakuti, kenako mulowetse kirediti noti yeniyeniyo padera. Zolemba ziwiri za K209,700, chilichonse ndi chifukwa chake. Ngati ripoti la VAT linapita kale ndi K227,700 ija, auzeni amene amayendetsa za msonkho tsiku lomwelo, muwapatse chithunzi cha pepala ndi masamu a K59,400, kuti akonze ndi MRA.

Kenako onani ngati invoisi yabodzayo inalowa pa ndandanda ya malipiro. Ngati inalipiridwa, ogulitsa asunga K419,400 yanu: K209,700 imene munayenera kuchotsa ndi K209,700 imene mwaonjezera. Alembereni kalata yotchula nambala ya kirediti noti, tsiku la malipiro ndi ndalama zake, mugwirizane ngati abweze kapena muchotse pa oda yotsatira, ndipo mulembe pa akaunti yawo chimene mwagwirizana kuti wina asadzachite zonse ziwiri.

Pomaliza tsegulani mapepala ena onse a kampani yomweyo a miyezi ingapo yapitayo. Kalembedwe kawo ka mainasi sikasintha, sikana yanu ndi yomweyo, choncho ngati imodzi inatembenuka, zinzake ziyenera kukayikiridwa. Sanjani akaunti yawo motsatira manambala a mapepala, muone ngati pali `CN` imene yakhala kumbali ya mainvoisi. Pa sitolo ya penti ija tinapezanso ziwiri zazing'ono, za maburashi ndi tinala, zimene zinakhala miyezi itatu osaoneka chifukwa kusiyana kwake kunali kochepa, ndipo mwezi uliwonse kunkalembedwa kuti kudikire sitetimenti yotsatira.